Kusefa kafukufuku wa ngongole za amayi

Mndandanda wa zolembedwa pa ngongole zing'onozing'ono za amayi umathandiza pokhapokha ukamanena mphamvu ndi zofooka za chilichonse. Taonani kafukufuku wa Pitt ndi Khandker wa 1998 ku Bangladesh: adati banja limapindula kwambiri ngongole ikapita kwa mayi kusiyana ndi bambo. Amatchulidwa paliponse, koma Roodman ndi Morduch atabwereza masamuwo adapeza kuti kungochotsapo mabanja owerengeka, phindulo limazimiririka. Wolemba mndandanda aike chenjezo limeneli pansi pake.

Wa Banerjee, Duflo ndi anzawo ku Hyderabad, India, ngwodalirikirapo chifukwa madera olandira ngongole adasankhidwa mwamaere. Sadaone amayi akuwonjezera mphamvu pa ziganizo zam'banja. Chofooka chake, adafufuza mzinda umodzi wokha.