Kodi mumadziwa? Mawu oti "pang'onopang'ono" amagonjetsa makina a masamu

Kodi mumadziwa kuti Chinyanja chimene chimamveka pamsika wa Chongwe chili ndi mawu amene rejekisi yeniyeni ya m'masamu singathe kuwazindikira monga gulu? Ndi mawu obwereza aja: bwinobwino, kawirikawiri, pang'onopang'ono. Rejekisi ndi kachingwe ka zizindikiro kofufuzira mawu pakompyuta. Tiyerekeze kuti wophunzira zinenero pa Yunivesite ya Chalimbana wasonkhanitsa mawu m'fayilo, liwu lililonse pamzere wake, ndipo akufuna obwereza okhaokha. Alemba:

```
grep -E '^(.+)\1$' mawu.txt
```

Zikutiro zija zimagwira chidutswa cha liwu n'kuchisunga, ndipo `\1` imalamula kuti chidutswa chomwecho chibwerenso, chilembo ndi chilembo. Bwinobwino atuluka. Gogo nayenso atuluka, poti makina sadziwa ulemu, angoona "go" kawiri. Kuyendayenda atsala chifukwa cha "ku" wakutsogoloyo.

Kodi mumadziwa kuti `\1` munalibe m'rejekisi yoyambirira? Stephen Kleene, katswiri wa masamu wa ku Amereka, atafotokoza rejekisi mu 1951 anailola zinthu zitatu zokha: kulumikiza zidutswa motsatana, kusankha ichi kapena icho, ndi kubwereza kangati konse. Koma kubwereza kwa Kleene kumabwereza lamulo, osati zilembo zimene zapezeka. Mukalemba `(a|b)*`, ulendo uliwonse makina amasankhanso mwatsopano, osakumbuka chimene anasankha poyamba.

Nanga chimaletsa kukumbuka n'chiyani? Rejekisi iliyonse ya Kleene imasandulika makina ofanana ndi nsolo wokhala ndi kamwala kamodzi. Maenje ake ndi owerengeka. Chilembo chilichonse chikawerengedwa, kamwala kamasuntha kupita m'dzenje lina, ndipo zonse zimene makinawo akudziwa ndi dzenje limene kamwala kali panthawiyo. Liwu likatha, dzenje lomalizalo ndilo limanena kuti inde kapena ayi.

Tsono tiwatchere msampha. Tinene kuti nsolowo uli ndi maenje 100. Ndi zilembo ziwiri zokha, `a` ndi `b`, tingapange mawu 128 osiyana a zilembo 7. Mawu 128 m'maenje 100, ndiye kuti awiri ayenera kusiya kamwala m'dzenje limodzi. Tinene kuti ndi `aaaaaab` ndi `baaaaab`. Kuchokera apo makina sangawasiyanitsenso. Tiwonjezere `aaaaaab` kumapeto kwa onse awiri. Loyamba lasanduka liwu lobwereza ndipo liyenera kulandiridwa. Lachiwiri silobwereza, koma poti kamwala kanyamuka m'dzenje lomwelo n'kuyenda njira yomweyo, nalonso lilandiridwa. Makina anama. Wina anganene kuti tikumbe maenje ena. Kumbani 1,000, ife titenga mawu a zilembo 10, amene alipo 1,024, msampha ugwiranso. Chimene `\1` imachita n'kupatsa makina kope polembapo chidutswa chonse, kaya chitalike bwanji, ndipo kope silili m'malamulo a nsolo uja.

Pali kanjira kozembera, koma n'koseketsa. Mukaika malire a kutalika, rejekisi ya Kleene ikhoza, pongotchula liwu lobwereza lililonse palokha. Zidutswa za zilembo 5 kuchokera pa zilembo 26 zilipo 11,881,376. Ndani angalembe zonsezo?

Kodi mumadziwa kuti chinenero cha mu Afirika chinalowapo m'mkangano wotere? Mu 1985 Christopher Culy anagwiritsa ntchito Chibambara cha ku Mali, mmene "wulu o wulu" amatanthauza galu aliyense, posonyeza kuti kubwereza liwu lonse kumaposa ngakhale malamulo amphamvu kuposa a Kleene, aja amene amatha kuwerengera zikutiro zotsegula ndi zotseka.

Kodi mumadziwa kuti kope lija lili ndi mtengo wake? Nsolo umawerenga chilembo chilichonse kamodzi basi. Makina a `\1` amayesa, akalephera amabwerera. Pa "kawirikawiri", makina ambiri amayamba agwira zilembo zonse 12, apeza kuti palibe chotsala chofananitsa, abwerera ku 11, kenako 10, mpaka pa 6 pamene "kawiri" akumana ndi mnzake. Maulendo 7 pa liwu limodzi si kanthu. Koma mukachulukitsa zikutiro ndi `\1`, `\2`, `\3`, njira zodulira liwu zimachuluka koopsa, ndipo mu 1990 Alfred Aho anasonyeza kuti funso limeneli lili m'gulu la mafunso amene mpaka lero palibe wawapezera njira yachangu. Chizindikiro chake n'chakuti pulogalamu imathamanga pa mizere yaifupi, n'kuuma gwa pa mzere umodzi wautali umene watsala pang'ono kufanana. N'chifukwa chake RE2, pulogalamu ya rejekisi imene Google inatulutsa mu 2010, imakaniratu `\1`. Wophunzira wa ku Chalimbana uja akasamutsira lamulo lake m'chinenero cha pakompyuta cha Go, chimene chimatsata malamulo a RE2, makina amubwezera uthenga wa cholakwika asanawerenge n'liwu limodzi lomwe.