Mafoni Olimba Oposa Onse: Batire Ikakula, Thumba Limalira

Mwezi wa Januwale m'madambo a ku Chama mlimi wa mpunga amakhala m'madzi ofika m'akakolo, atawerama tsiku lonse, foni ili m'thumba la malaya. Akangowerama kwambiri, thubvu! Yagwera m'matope. Mmisiri womanga pa boma naye ali ndi lake vuto: fumbi la simenti limalowa pobayira tchaja, ndipo foni ikapulumuka m'manja ali pamwamba pa khoma imakafikira pa njerwa. Anthu ngati amenewa ndi amene amawapangira mafoni olimba, ndipo makampani ake akupikisana kuti wopambana ndani. Mpikisanowo ndi woyenera kuumvetsa musanatulutse ndalama za mpunga wa chaka chonse.

Mbiri yakale kwambiri ndi ya kugwa. Mu 2011 foni ya Sonim XP3300 Force inalowa m'buku la Guinness itagwetsedwa pa konkire kuchokera pa mamita 25 n'kupitiriza kugwira ntchito. Koma inali foni ya mabatani, yagalasi laling'ono. Mafoni a masiku ano galasi lake ndi lalikulu ngati chikhatho, ndipo opanga ambiri amangolonjeza mamita 1.5 kapena 1.8.

Pa katoni mudzaona mawu akuti MIL-STD-810H. Imeneyi ndi ndondomeko ya asilikali a ku America yoyesera zipangizo, ndipo mtundu wa H unatuluka mu 2019. Pa mayeso a kugwa, chinthu chaching'ono chimagwetsedwa ka 26 kuchokera pa masentimita 122, kutalika kofika cha pachifuwa: kamodzi pa nkhope iliyonse mwa 6, pa mphepete 12 ndi pa ngodya 8. Pali zinthu ziwiri zomwe wogulitsa sanena. Choyamba, kugwa 26 kuja amaloledwa kukugawa pa mafoni asanu, choncho sizitanthauza kuti foni imodzi inapirira konse. Chachiwiri, asilikaliwo sapereka chiphaso kwa kampani iliyonse. Kampani imayesa yokha kapena kulipira malo oyesera, n'kusankha mayeso amene ikufuna. Ndiye funso loyenera kufunsa ndi lakuti: inagwa kuchokera pa mamita angati, ndipo inagwera pa chiyani? Mmisiri amene ali pa denga la mamita atatu adziwe kuti wadutsa kale malire a lonjezolo.

Za madzi n'zosavuta. Pa IP68, nambala 6 ikutanthauza kuti fumbi silingalowe, pomwe 8 ikunena za kumizidwa, kawirikawiri mita imodzi ndi theka kwa mphindi 30, m'madzi oyera. Chapamwamba pa zonse ndi IP69K, pomwe amaipopera madzi otentha madigiri 80 mwamphamvu. Koma pa mafoni ambiri olimba zonsezi zimadalira kachitseko ka labala kotseka pobayira tchaja. Ndinaona foni ya mlamu wanga ili ndi nkhungu m'kati mwa galasi la kamera patangopita tsiku limodzi kuchokera pamene inanyowa: kachitsekoko kanali katatha mano chifukwa chotsegulatsegula. Nkhungu yotero ndi chizindikiro chakuti madzi alowa, ndipo mukaiona zimitsani foni, musaitchaje.

Mpikisano woopsa uli pa batire. Foni wamba imene ambiri tili nayo imakhala ndi batire ya 5,000 mAh ndipo imalemera pafupifupi magalamu 200. Mu 2022 Oukitel WP19 inafika pa 21,000 mAh ndi magalamu 570. Chaka chotsatira Unihertz Tank 3 inakwera pa 23,800 mAh, ikulemera magalamu 666. Mu Febuluwale 2024 ku Barcelona anaonetsa Energizer Hard Case P28K ya 28,000 mAh. Kenako mu 2025 kunabwera Oukitel WP100 Titan, ya 33,000 mAh, yokhuthala masentimita atatu ndi theka, yolemera pafupifupi magalamu 877. Tengani paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, mutapepo masipuni angapo, muiike m'thumba la thalauza n'kugwira khasu mpaka masana. Ndi kulemera kumeneko.

Kulemeraku kuli ndi vuto lina limene ambiri saliganizira. Mphamvu imene chinthu chimamenyera pansi imakula molingana ndi kulemera kwake. Samsung Galaxy XCover7, imene ili m'gulu la mafoni olimba opepuka, imalemera magalamu 240. Ikagwa limodzi ndi Titan kuchokera pa khoma lomwelo, Titan imamenya pansi ndi mphamvu yoposa katatu ndi theka. N'chifukwa chake opanga amaikulunga labala wochuluka m'ngodya, labalayo n'kuwonjezeranso kulemera.

Tiwerengere limodzi za mlimi wa m'dera la Mfumu Kambombo amene nyumba yake ilibe magetsi, koma ali ndi sola yaing'ono pa denga. Wagula foni ya 22,000 mAh, monga Doogee V Max ya magalamu 543. Kuti tidziwe mphamvu yake yeniyeni timachulukitsa 22 ndi mavoti 3.85 a batire, ndipo timapeza pafupifupi 85 Wh. Katoni imanena kuti foni imatchaja mofulumira, koma zimenezo zimafuna tchaja yake pa magetsi a Zesco. Pobayira pa sola zambiri zazing'ono pamatuluka mawati 10 kapena ochepera. Gawani 85 ndi 10, mupeza maola asanu ndi atatu ndi theka, ndipo mukawonjezera mphamvu yotayika ngati kutentha mufika maola khumi kapena kuposa. Dzuwa lamphamvu lokwanira sola limakhala maola asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku. Ndiye kuti batire itatheratu imafuna masiku awiri owala bwino kuti idzaze.

Kodi ndiye walakwitsa kugula? Ayi. Batire yaikulu ili ngati nkhokwe: siibala chimanga, imangosunga. Phindu lake limaoneka mu Febuluwale, mitambo ikatseka dzuwa masiku anayi, kapena mlimi akakagona ku munda kulondera njovu, akufuna tochi usiku wonse ndi foni yoimbira anzake. Ngati foni wamba imamufikitsa madzulo a tsiku limodzi, iyi imufikitsa masiku anayi. Chofunika ndi kuidzazitsa dzuwa likadalipo, osadikira kuti ithe.

Kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa nakonso n'kofunika kukuopa. Batire za mtunduwu sizifuna kutchajidwa zikatentha kupitirira madigiri 45, ndipo mu Okutobala foni yakuda yokutidwa labala, yosiyidwa pa malata pafupi ndi sola, imadutsa pamenepo mosavuta. Gulani waya wautali, sola ikhale padzuwa, foni ikhale pamthunzi. Mukaona msana wa foni wayamba kutukuka kapena galasi likunyamuka m'mbali, batire yatupa. Lekani kuigwiritsa ntchito.

Kwa womanga amene madzulo amafika pa magetsi, ine sindiona chifukwa chonyamulira theka la kilogalamu pokwera makwerero. XCover7 ili ndi batire yaing'ono, 4,050 mAh, koma imachotseka ndi manja, ndipo yachiwiri ingakhale m'chikwama cha zida. Kapena foni yopepuka ndi pawabanki yosiya pamthunzi pamodzi ndi botolo la madzi.

Ndipo musanalipire, funsani kumene galasi lake lingapezeke. Kampani ya Bullitt ya ku Britain, imene inkapanga mafoni otchuka a Cat, kuphatikizapo Cat S60 ya 2016 yomwe inali yoyamba kukhala ndi kamera yoona kutentha, inatseka mu Januwale 2024. Mukapeza Cat ya Bullitt pa shelefu lero, ndi katundu wotsala wa kampani yomwe kulibenso. Pitani kaye kwa wokonza mafoni pa msika wa Chama kapena ku Lundazi, mumuonetse dzina la foni imene mukufuna, mumufunse ngati galasi ndi pobayira tchaja angazipeze ku Chipata kapena ku Lusaka, ndiponso zingatenge masabata angati kuti zifike.