Funso Lofuna Nkhani, Osati Malonjezo

“Tatiuzani za nthawi imene anthu a kumudzi anakana ntchito yanu.” Mabungwe achitukuko amakonda funso lotere poyesa ofuna ntchito, ndipo ambiri amagwa poyankha kuti amagwirizana ndi aliyense. Ofunsa amafuna nkhani yeniyeni. Tiyerekeze kuti mjigo unachedwa miyezi 2 chifukwa malo ake anali pafupi ndi manda. Fotokozani zimene munachita inuyo, osati “tinachita”: munakaonana ndi nyakwawa ndi komiti ya VDC, anthu nasankha malo ena. Kenaka adzafunsa ngati opereka ndalama munawauza. Apa mpofunika kusamala. Nenani kuti munawadziwitsa msanga, lipoti lisanafike, ndipo munapempha chilolezo musanasinthe bajeti.