Loweruka lake liti? Mawu anayi amene amadzaza holo

Chaka chatha mlamu wanga ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha phwando la zoimbaimba. Pansi pake panali mawu akuti: “Loweruka lino kuli moto, osaphonya!” Tinatchena, tinakwera minibasi, koma titafika tinapeza mlonda ali yekha, akuwotha mbaula pageti. Anatiyang'ana mwachisoni n'kutiuza kuti oimbawo anaimba sabata yatha. Uthengawo unali utayenda m'magulu masiku asanu ndi atatu usanatipeze, ndipo “lino” wakeyo anali atatha kalekale.

Vuto lagona pamenepo. Wokonza phwando amalemba ngati kuti aliyense awerenga tsiku lomwelo, chithunzi chili chotsekula. Koma uthenga ukachoka m'manja mwake umayenda wokha. Ambiri sititsekula zithunzi poopa kutha kwa bandulo, timangowerenga timawu tapansipo. Choncho mawuwo ayenera kuima paokha, ngakhale chithunzi chitakana kutsekuka, ndipo ayankhe mafunso anayi: liti, kuti, ndalama zingati, ndifunse ndani.

Taonani chitsanzo ichi, chongopeka:

“Usiku wa nyimbo za bandi. Loweruka pa 29 Ogasiti 2026, ku holo yakutiyakuti, Area 25, Lilongwe, moyang'anizana ndi msika. Geti litsekulidwa 6 koloko madzulo, bandi iyamba 8 koloko. Tikiti yogula pasadakhale K10,000 munthu mmodzi, mpaka Lachisanu pa 28, pakhomo K15,000. Lipirani pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala zakutizakuti. Dzina lotuluka ndi lakutilakuti. Mafunso: imbani kapena lembani pa WhatsApp.”

Tsiku lalembedwa kawiri, dzina lake ndi deti lake, ndipo n'dala. Ambiri timakumbukira “Loweruka” kuposa “29”, koma nambala ndi imene imasiyanitsa Loweruka ili ndi linzake. Chenjezo n'lakuti ziwirizi zigwirizane. Wolemba akangokopera uthenga wa chaka chatha, deti limakhala lomwelo koma tsiku lasuntha, ndiye anthu amagawanika, ena kubwera Lachisanu, ena Loweruka. Kuyang'ana pa kalendala sikutenga ndi mphindi yomwe. Nthawi nazo zikhale ziwiri, yotsekulira geti ndi yoyambira kuimba, chifukwa wochokera ku Likuni amafuna kudziwa ngati apite msanga minibasi zisanathe, komanso abwerera bwanji.

Malo savuta kwenikweni ngati ndi odziwika. BICC ku Lilongwe kapena Comesa Hall ku Blantyre safuna kulondolera. Komabe dzina la mzinda lisasowe, poti uthenga wolembedwa ku Zomba umafika ku Mzuzu tsiku lomwelo. Malo ang'onoang'ono apatseni chizindikiro: msika, siteji, tchalitchi.

Pa mtengo ndi pamene pamabuka mikangano yambiri, ndipo ine ndimaona kuti wolakwa kawirikawiri ndi wolemba, osati wobwera. Mukalemba K10,000 yokha, munthu n'kumuuza pakhomo kuti ndi K15,000, mwamuchititsa manyazi pamaso pa amene wabwera naye, ndipo mwina m'thumba watsala ndi ya thiransipoti yokha. Lembani mitengo yonse iwiri ndi tsiku limene wotsikawo uthere. Lembaninso manambala onse. “10K” achinyamata amaimva, koma bambo wina aiwerenga ngati K10 n'kuganiza kuti mwalakwitsa. Ngati pali tikiti yapamwamba, nenani chimene munthu apeze: mpando wakutsogolo, tebulo, kapena chakumwa. Kulipiritsa kawiri popanda kunena chifukwa kumaoneka ngati kuba.

Nambala ya foni ndi imene akuba amaikonda. N'kosavuta kutenga uthenga wanu, kufufuta nambala, kuikapo yawo, n'kuutumiza m'magulu ena. N'chifukwa chake m'chitsanzomo muli dzina lotuluka. Potumiza ndalama pafoni, dzina la mwini nambala limaoneka, ndipo wogula akaona lina losiyana ndi limene munalengeza pa tsamba lanu ayenera kuima kaye. Ikani nambala ziwiri, ya Airtel ndi ya TNM, kuti aliyense alipire pa netiweki yake, ndipo muyambe ndi +265 ngati muli ndi abale ku Joni amene angagulire anzawo tikiti kumudzi kuno. Foniyo ikhale ndi munthu woyankha, makamaka masana a tsiku la phwandolo pamene wokonza ali kalikiliki ndi zokuzira mawu. Nambala yoitana osayankhidwa imathamangitsa anthu kuposa mvula.

Musanatumize, mupatseni uthengawo munthu amene sakudziwa kalikonse za phwandolo, chithunzi mutabisa. Mufunseni kuti apita liti, kuti, ndi ndalama zingati, ndipo aimbira ndani akasochera. Akakayika pa funso limodzi lokha, bwererani mukalembenso.