Chikole chawo ndi manambala a m'foni mwanu

Ntchito yanga ndi yofufuza zimene mapulogalamu amachita m'kati mwa foni mwini wake asakuona. Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi okongoza ndalama, aja olonjeza ngongole yopanda chikole m'mphindi zochepa. Kuno ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti mafoni a Android akuchuluka, ndipo mapulogalamu timangogawana pa WhatsApp kapena kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni. Ikafika Januwale, chimanga chitatha m'nyumba, fizi ikufunika, lonjezo lotere limakoma.

Chikole chilipo, kungoti amatenga musanalandire ndi tambala yomwe. Mukangotsegula pulogalamuyo, foni imakufunsani ngati mukuilola kuona Contacts, SMS ndi Photos. Mukadina Allow, mayina ndi manambala onse amakoperedwa n'kutumizidwa ku kompyuta ya eni ake, yomwe ingakhale kunja kwa dziko. Manambala 300 ndi opepuka kuposa chithunzi chimodzi, choncho ngakhale netiweki yofooka imawanyamula kamphindi, bando osaoneka kuti yatha. Mauthenga a SMS amawauza ndalama zimene zimalowa pa Airtel Money kapena Mpamba yanu. Kenako amati mudzijambule mutagwira chiphaso cha unzika. Apa ndiye kuti ali ndi nkhope yanu, dzina lanu lonse, ndi anthu onse amene mumawachitira manyazi.

Tiyerekeze mayi wogulitsa usipa pamsewu wa M5 wapempha K30,000. Pafoni pake pafika K21,000 yokha, ati K9,000 ndi yoyendetsera ngongole. Pakatha masiku 7 akufuna K30,000 yonse. Ndiye kuti pa K100 iliyonse imene wagwira m'manja akubweza K143, pa sabata imodzi. Akachedwa tsiku limodzi, chindapusa chimayamba kukwera, ndipo amamulozera pulogalamu ina yoti akongoleko n'kubwezera yoyambayo. Nthawi zambiri eni ake amakhala omwewo.

Kenako mauthenga amayamba kufika kwa ena. Sasankha mwachisawawa. Amayang'ana momwe munalembera mayina: Amayi, Apongozi, Akatekisiti, Amfumu, Bwana. Amenewo ndiwo amalandira chithunzi chija chitalembedwa kuti wakuba, kapena kuuzidwa bodza loti munawalembetsa ngati okuimirirani pa ngongole. Ichi ndicho chimandiwawa koposa chiwongola dzanja. Munthu wakumudzi chuma chake ndi mbiri yake. Ikaipa, ngakhale ku banki mkhonde amayamba kumukayikira.

Si nkhambakamwa. Mu Ogasiti 2021 bungwe la boma la Nigeria la NITDA linalipiritsa kampani ya Soko Lending chindapusa cha manaira 10 miliyoni, ndipo pakati pa milandu yake panali kutumiza mauthenga kwa anthu a m'mafoni a okongola, anthu amene sanavomerepo kanthu. Mu Disembala 2023 kampani yoona za chitetezo cha makompyuta ya ESET inaulula mapulogalamu 18 otere, amene anali atakoperedwa koposa ka 12 miliyoni pa Google Play. Kuyambira pa 31 Meyi 2023 Google inaletsa mapulogalamu okongoza anthu kupempha manambala ndi zithunzi za m'foni. Choncho yokongoza imene ikupempha Contacts lero ikuphwanya lamulolo kapena yalowera kukhomo lakuseri, ngati fayilo yothera ndi `.apk` yotumizidwa pa WhatsApp. Chizindikiro china ndi masiku: Google salola ngongole yofunika kubweza yonse m'masiku 60 kapena ocheperapo. Wokongoza woona kuno amakhala ndi chiphaso chochokera ku Reserve Bank of Malawi ndi ofesi yoti mungafikeko. Ngongole ya pa `*211#` kapena `*444#` ili ndi chiwongola dzanja chake, koma njira yoimba manambalayi singathe kuwerenga za m'foni mwanu.

Ngati mwagwamo kale, dziwani kuti kufufuta pulogalamuyo sikubweza zimene zinapita. Musathamangire kuifufuta. Yambani mwajambula mauthenga oopseza, nambala imene inakutumizirani ndalama ndi imene akuti mulipireko. Kenako lowani Settings, Apps, dzina la pulogalamuyo, Permissions, n'kutseka zonse, ndipo mukatero ichotseni. Auzeni nokha abale ndi akumpingo eni pulogalamuyo asanawafikire, chifukwa uthenga umene apongozi akuuyembekezera kale sukhalanso ndi mphamvu. Musatumize ndalama zoonjezera kuti asiye. Akaona kuti mantha akulipira, amabweranso. Kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pafoni ndi mlandu pa lamulo la Malawi la 2016 la zochitika pa intaneti, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 linapatsa MACRA udindo woyang'anira nkhani zotere. Umboni uja pitani nawo kupolisi.

Inu amene mwaimbiridwa chifukwa nambala yanu inali m'foni ya mnzanu, mulibe ngongole. Simunasaine paliponse. Musakangane nawo ndipo musawauze kumene mnzanuyo amakhala. Jambulani uthengawo, mumupatse mwini wake akauphatikize pa umboni, nambalayo muitseke.