Mpanda wa Njerwa Wopirira Mphepo ndi Dothi: Maziko, Zipilala ndi Mipata

Mpanda wa njerwa ndi khoma loima palokha. Khoma la nyumba limagwiriziridwa ndi makoma a zipinda, ndipo pamwamba limamangiriridwa kudenga, koma mpanda ulibe chotsamira. Mphepo imawomba mbali zonse ziwiri, mvula imaunyowetsa kuyambira pamutu mpaka pansi, ndipo dzuwa limautentha tsiku lonse. N'chifukwa chake mvula yoyamba ikabwera ndi mkuntho mu Novembala kapena Disembala, mipanda yambiri imagwa pamene nyumba zomwe inazinga zili chiimire. Kulimba kwa mpanda kumagona pa zinthu zitatu: maziko ofika pa dothi lolimba, zipilala zozikika m'mazikomo, ndi mipata yolola khoma kufutukuka popanda kung'aluka.

Mphamvu ya mphepo

Mphepo ikawirikiza liwiro lake kawiri, mphamvu yake yokankha imakula kanayi. Mkuntho wothamanga makilomita 108 pa ola umakankha khoma loima poyera ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 65 pa chigawo chilichonse cha mita imodzi m'litali ndi mita imodzi mumsinkhu. Pa mpanda wa mamita 2 mumsinkhu, chigawo cha mamita 3 m'litali chimalandira makilogalamu pafupifupi 390, ngati kulemera kwa matumba 8 a simenti.

Khoma lokankhidwa chotere limafuna kupendekera kumbali, m'mphepete mwa tsinde lake mutasanduka ngati hinji ya chitseko. Chomwe chimalibweza ndi kulemera kwake. Khoma la njerwa ziwiri zogundizana, lochindikala masentimita 23, limalemera makilogalamu pafupifupi 830 pa mita iliyonse ya utali wake. Kulemeraku kumaoneka kochuluka, koma kumagwira ntchito pa kamtunda kochepa, masentimita 11 ndi theka kuchoka pakati pa khoma kufika m'mphepete. Mphepo ya makilogalamu 130 pa mita yomweyo imakankha chapakati pa msinkhu, mita yathunthu kuchoka pansi. Akachulukitsa mphamvu iliyonse ndi mtunda wake, mphepo imapeza 130 pamene khoma limapeza 95 yokha. Kulemera pakokha sikukwanira, ndipo matope a simenti, ngakhale amapirira kupsinjidwa, sachedwa kulekana akakokedwa.

Khoma la njerwa imodzi yogona m'litali, lochindikala masentimita 11 ndi theka, limapeza 24 yokha pa kawerengedwe komweko. Kuchepetsa kuchindikala ndi theka kumachotsa magawo atatu mwa anayi a mphamvu yake yoimira. Apa m'pamene pamafunika maziko otambalala ndi zipilala zokhala ndi zitsulo.

Maziko

Kuya kwa ngalande ya maziko kumatengera dothi. Dothi lapamwamba, lokhala ndi mizu ndi zinyalala zowola, limachotsedwa lonse. Pa katondo wolimba, ngalande yakuya masentimita 60 imakwanira mpanda wa mamita 2. Pa makande, dothi lakuda lija lopezeka m'madambo, kuchigwa cha Phalombe ndi kuchigwa cha Shire, pamafunika mita imodzi kapena kupitirira. Makande amafufuma akamwa madzi ndipo amang'ambika m'chilimwe, choncho maziko osaya amanyamulidwa ndi kutsitsidwa chaka ndi chaka kufikira khoma litathyoka. Pomwe panali dzenje la zinyalala, chimbudzi chakale kapena chulu pamakumbidwa mpaka dothi losakhudzidwa litapezeka, chifukwa dothi lothira limatitimira pang'onopang'ono kwa zaka.

M'lifupi, ngalandeyo imakhala katatu kuchindikala kwa khoma, ndiye kuti masentimita 70 pa khoma la masentimita 23. Pansi pake pamasalazidwa ndi kutsenderedwa, kenako pamathiridwa konkire yochindikala masentimita osachepera 20. Muyezo wodziwika ndi ndowa imodzi ya simenti, zitatu za mchenga wa kumtsinje ndi 6 za miyala ya kwale. Ndowa yoyezera imakhala imodzi yomweyo, popeza kuyeza ndi fosholo kumasokoneza muyezo. Konkire imathiriridwa madzi kwa masiku 7, pakuti simenti imalimba pogwirizana ndi madzi, ndipo ikauma msanga imafumbutuka.

Pamalo otsetsereka, monga m'mapiri a Ndirande ndi Soche ku Blantyre, maziko satsatira kutsetsereka kwa nthaka. Amakumbidwa ngati masitepe, sitepe iliyonse ili pa levulo, kutalika kwake kukufanana ndi mizere yathunthu ya njerwa. Konkire ya sitepe yapamwamba imalowerera pa yapansi masentimita osachepera 30 kuti zigwirane.

Zipilala

Chipilala chimatenga mphamvu ya mphepo yomwe yagwera chigawo cha khoma n'kuitsitsira m'maziko. Zipilala zimaikidwa motalikirana mamita 2 ndi theka kapena 3, komanso pangodya iliyonse, pothera khoma ndi mbali zonse za geti. Chipilala chodalirika chimakhala cha masentimita 46 mbali zonse, njerwa zitazungulira mphako yapakati. M'mphakomo mumaimikidwa zitsulo zinayi za mamilimita 12, zimene amisiri amazitcha Y12, zomangidwa ndi mphete za chitsulo chocheperapo pa masentimita 20 aliwonse. Konkire yothiramo imakhala yamphamvu kuposa ya maziko: ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga ndi zinayi za kwale.

Chinsinsi cha chipilala chili kumapazi a zitsulo. Zimapindidwa kunsi ngati chilembo cha L ndipo zimaikidwa konkire ya maziko isanathiridwe, zitanyamulidwa masentimita 5 kuti zisakhudze dothi n'kuchita dzimbiri. Zikazikika chotere, mphepo siingagwetse khoma popanda kutembenuza maziko onse a masentimita 70 pamodzi ndi dothi lowakwirira. Zitsulo zongozika pamwamba pa konkire youma kale sizigwira ntchito imeneyi.

Chipilala ndi khoma zimamangidwa limodzi, njerwa zikulumana mzere ndi mzere. Waya wa m'matope, uja amisiri amati bulikifosi, amayalidwa pa mzere wachitatu kapena wachinayi uliwonse ndipo amalowa m'chipilala. Matope a pansi pa nthaka amakhala ndowa imodzi ya simenti pa zinayi za mchenga, ndipo a pamwamba imodzi pa 6. Pepala la pulasitiki loletsa chinyontho, lomwe limayalidwa patsinde pa khoma la nyumba, siliyenera pa mpanda. Limalekanitsa njerwa ndi matope pamalo penipeni pomwe mphepo imafuna kuthyola khoma.

Mipata yofutukukira

Njerwa yootcha imatuluka mu uvuni ili youma kotheratu, ndipo kwa zaka zambiri imamwa chinyontho n'kumakula pang'onopang'ono. Buloko ya simenti imachita mosiyana: imafota pamene ikuuma. Zonse ziwiri zimafutukukanso masana kukatentha n'kubwerera usiku. Pa njerwa imodzi kusunthaku sikuoneka, koma pa khoma la mamita 30 kumasonkhana n'kufika sentimita imodzi kapena kupitirira. Khoma likasowa kopita, limadzing'ambira lokha mpata, kapena limakankha ngodya.

Mpata wofutukukira umasiyidwa dala, wotambalala sentimita imodzi, woongoka kuyambira pamwamba pa maziko mpaka pamutu pa khoma. Pa njerwa zootcha mipatayi isatalikirane kupitirira mamita 9, ndipo pa mabuloko a simenti mamita 6. Malo ake abwino ndi pachipilala: pamamangidwa zipilala ziwiri zoyandikana, chilichonse chogwira khoma lake, mpata uli pakati. Waya sadutsa mpatawo, ndipo pulasitala ndi chophimba cha pamutu pa khoma zimadulidwa pomwepo. Mkati mumalowetsedwa chinthu chofewa chopanikizika, ngati siponji. Mpata wodzazidwa ndi matope a simenti watha ntchito. Mipata ina imafunika pomwe mpanda ukukumana ndi nyumba kapena khoma lakale, ndi pomwe msinkhu wa khoma kapena mtundu wa dothi wasintha.

Dothi ndi madzi kuseri kwa khoma

Nthaka ya mbali imodzi ikakwera kuposa ina, mpanda umasanduka khoma lotchinga dothi. Dothi lofika mita imodzi limakankha ndi makilogalamu pafupifupi 300 pa mita iliyonse ya utali wa khoma, ndipo likafika mamita 2 mphamvuyo imakwera kufika 1,200. Madzi ndi oopsa koposa: akadikha mita imodzi kuseri kwa khoma amakankha ndi makilogalamu 500. Mphepo imawomba n'kuleka, koma dothi lonyowa limakankha usana ndi usiku.

Choncho patsinde pa khoma pamasiyidwa mabowo kapena timapaipi ta masentimita 5 kapena 7, totalikirana mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Kuseri kwake kumathiridwa miyala ya kwale kuti madzi atsike msanga ndipo dothi lisatseke mabowowo. Pomwe madzi a mvula ankadutsa kale pamasiyidwa khomo lalikulu lotchingidwa ndi zitsulo. Dothi lotchingidwa likamafika mita imodzi, ntchitoyo imafuna pulani ya injiniya, chifukwa miyezo ya mpanda wamba siikwanira.

Mbali imodzi ya poloti

Pa mbali ya poloti ya mamita 30, pa katondo wosatsetsereka, mpanda wa njerwa zootcha wa mamita 2 umagawidwa m'zigawo 10 za mamita atatuatatu. Malo a zipilala amakhala 11. Mipata imaikidwa pa mita ya 6, ya 15 ndi ya 24, kotero kuti khoma limaima m'zidutswa zinayi za mamita 6, 9, 9 ndi 6. Zidutswa zazifupi zimakhala kungodya chifukwa kumeneko makoma awiri amakankhana. Popeza pa mpata uliwonse pali zipilala ziwiri, zonse pamodzi zimakwana 14. Konkire ya maziko, ya masentimita 70 m'lifupi ndi 20 kuchindikala, imadya matumba a simenti pafupifupi 19, osawerengera ya m'zipilala ndi matope omangira. Khoma limakwezedwa mita imodzi pa tsiku, osapitirira, chifukwa matope aawisi sapirira mphepo.

Kuwerenga ming'alu

Mng'alu umaulula chomwe chalakwika. Wokwera ngati masitepe motsatira matope umasonyeza kuti maziko akutitimira mbali imodzi. Woongoka kuchoka pamwamba kufika pansi, chapakati pa khoma lalitali kapena pafupi ndi ngodya, umasonyeza kusowa kwa mpata wofutukukira, ndipo umachizika pocheka mpata woyenera pomwepo, mbali zonse ziwiri zitagwiriziridwa ndi zipilala. Wogona chopingasa patsinde ndiye woopsa kwambiri, pakuti khoma layamba kale kupendekera. Chingwe chomangirira mwala, chikalendewera kuchoka pamutu pa khoma, chimaonetsa kupendekerako. Kusiyana kukamakula mwezi ndi mwezi, kapena kukafika masentimita 5 pa khoma la mamita 2, kumata pulasitala sikuthandiza. Anthu, makamaka ana, amatalikitsidwa pamalopo, ndipo chigawocho chimagumulidwa n'kumangidwanso kuyambira kumaziko mvula isanabwere.