Zinthu 6 zodabwitsa za mazenera ndi zitseko zosamuka pa zithunzi za nyumba zopanga ndi kompyuta

Masiku ano wofuna kumanga ku Bolero kapena pa boma la Rumphi, makamaka amene akutumiza ndalama kuchokera ku Joni, amafuna aone kaye chithunzi cha nyumba yake itatha. Pulani yokha siimukwanira. Mapulogalamu onga Stable Diffusion amatulutsa chithunzi chotere msangamsanga, koma mukawerenga mazenera mumapeza kuti sakugwirizana ndi a papulani. Tiyerekeze ndi nyumba imodzi: kumaso kwake nkwa mamita 12, kuli khonde, chitseko chimodzi cha masentimita 90, mazenera awiri a mamita 1.2 ndi kazenera ka kubafa ka masentimita 60.

1. Pulogalamuyi sidziwa kuti nyumba ili ndi zipinda. Imayamba ndi timadonthomadontho topanda tanthauzo, nkumatiyeretsa pang'onopang'ono mpaka pataoneka chinthu chofanana ndi zithunzi zimene inaphunzirapo. Simuli pulani m'kati mwake, simuli khoma logawa chipinda chogona ndi bafa. Ikaona khoma lalitali lopanda kanthu imaikapo zenera, chifukwa nyumba zambiri zimene inaona zinali ndi mazenera otalikirana mofanana. Nchifukwa chake kazenera ka kubafa ndiko kamayamba kuonongeka: kamakula kuti kafanane ndi anzake, kamatsika, kapena kamangosowa.

2. Zenera likasuntha pang'ono chabe, pakhoma lasuntha pafupifupi njerwa yathunthu. Stable Diffusion 1.5, ya mu 2022, inaphunzitsidwa pa zithunzi za mapikiselo 512 mulitali ndi mulifupi, koma sigwira ntchito pa mapikiselowo mwachindunji. Imachepetsa mbali iliyonse kasanu ndi katatu, nkutsala ndi timabokosi 64 kwa 64. Tsono tiwerenge. Nyumba yathu ikatenga mapikiselo 480, ndiye kuti mita imodzi ndi mapikiselo 40, ndipo kabokosi kamodzi ka mapikiselo 8 kakuimira masentimita 20. Zenera lalikulu ndi timabokosi 6, la kubafa 3, chitseko 4 ndi theka. Zitsulo zotchinga akuba, zokhuthala mamilimita 12, sizifika ndi pikiselo imodzi yomwe, choncho pulogalamu imangozipeka, zenera ili zisanu, linalo zisanu ndi ziwiri.

Masentimita 20 pachithunzi ndi kanthu kosaoneka ndi maso. Kwa mmisiri ndi nkhani ina: felemu yagulidwa kale, lintala yathiridwa kale, ndipo mwina khoma la m'kati likubwera kudzagunda pomwe chithunzi chaika galasi. Njira yochepetsera vutoli ndi kuonetsetsa kuti nyumba yadzaza chithunzi, osataya malo ambiri ndi thambo ndi mapiri a Nyika kumbuyo, kapena kugwiritsa ntchito SDXL ya mu 2023, imene muyezo wake ndi mapikiselo 1024.

3. Kulemba nambala ya mazenera sikuthandiza kwenikweni. Gawo lowerenga mawu m'mapulogalamu akalewa, lotchedwa CLIP, limagwira bwino mawu onga njerwa, malata ndi khonde, koma kuwerengera limalephera, ndipo mawu okana siliwamva. Mukalemba `no extra windows` m'bokosi la malangizo, chimene lamva ndi mazenera basi, ndiye akhoza kuchuluka. Mawu asiyireni utoto, mtundu wa denga ndi kuwala kwa dzuwa.

4. Kupempha chithunzi chachikulu ndiko kumabala zitseko ziwiri. Nyumba zathu zimakhala zazitali cham'mbali, ndiye munthu amaika mapikiselo 1536 kwa 512 kuti yonse ikwane. Pulogalamu yozolowera 512 imadzaza malo otsalawo pobwereza zimene ikudziwa, motero mumapeza makonde awiri, kapena nyumba yokhala ngati mdadada wa nyumba zalendi. Zomwezi zimachitika pokulitsa chithunzi mogawa zidutswa: chidutswa chimene chagwera pakhoma lokhalokha chimalandirabe malangizo onena za nyumba ya mazenera, nkudzijambulira kazenera kake. Yambani pa muyezo umene pulogalamu inazolowera, kulitsani pambuyo, ndipo pokulitsapo `Denoising strength` isapitirire 0.3 kapena pamenepo.

5. Chimene chimakhomerera mazenera pamalo pake ndi mizere, koma si mzere uliwonse. Mu Febuluwale 2023 Lvmin Zhang ndi Maneesh Agrawala a ku yunivesite ya Stanford anatulutsa ControlNet, imene imalola kupereka chojambula chanu kuti pulogalamu itsatire. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa pali mitundu ingapo ndipo uliwonse uli ndi khungu lake.

`Depth` imaona kutalikirana kwa zinthu. Imagwira bwino denga, zipilala ndi khonde, koma zenera lolowa pang'ono m'khoma limaoneka ngati khoma lomwelo, ndiye limasamukabe. `MLSD` imagwira mizere yoongoka yokha. Pa nyumba yathu nzabwino, koma pa nyumba zakale za njerwa za ku Livingstonia, zokhala ndi makomo okhota pamwamba, imataya kukhotako. `Canny` imagwira mzere uliwonse, ngakhale wa pakati pa njerwa ndi wa mthunzi wa mtengo wa mango, moti mukaipatsa chithunzi cha pafoni, mthunzi wa pakati pa zipilala ziwiri za khonde ukhoza kusanduka chitseko. Wofuna kuonetsa Stone House ya 1903, nyumba ya Robert Laws, itakonzedwanso, achenjere pamenepa, pakuti khomo lopeka pa nyumba ngati imeneyi ndi bodza la mbiri.

Ine ndimati chojambula chichokere mu SketchUp, Blender kapena Revit, chamizere yakuda pa zoyera, chopanda njerwa, mitengo kapena mithunzi, ndipo mulitali ndi mulifupi mwake mufanane ndi chithunzi chimene mukufuna. Zikasiyana, `Just Resize` imakoka nyumba, zenera lofanana mbali zonse nkutalika. Mu AUTOMATIC1111 poyambira pabwino ndi apa:

```
Unit 0: Canny   Control Weight 1.0
Unit 1: Depth   Control Weight 0.5
Starting Control Step 0
Ending Control Step 1
```

Ziro wa poyambirayo musamukhudze. Malo a zinthu zikuluzikulu amakhazikika m'masitepe oyambirira, ndipo mizere ikabwera mochedwa imapeza mazenera atakhala kale pomwe afuna. Ngati mulibe ControlNet, gwiritsani ntchito `img2img` pa chithunzi cha nyumba chochokera m'pulogalamu yojambulira, `Denoising strength` ili pakati pa 0.3 ndi 0.45. Ikadutsa 0.6 nyumba imakongola, koma imayamba kukhala ya wina.

6. `Seed` yofanana sibweretsa nyumba yofanana mukasintha mbali yoonera. Imabwereza chithunzi pokhapokha zina zonse zili chimodzimodzi. Chithunzi cha kumaso ndi cha pangodya ndi ntchito ziwiri zosadziwana, choncho chilichonse chimafuna chojambula chake chamizere kuchokera ku nyumba imodzi yomweyo.

Musanatumize pa WhatsApp kwa mwini nyumba, tsegulani chithunzicho mu GIMP, ikani chojambula chamizere pamwamba pake, `Opacity` ili 50, nkuyang'ana zinthu zitatu: ngati mazenera alipo atatu, ngati pamwamba pa mazenera ndi chitseko pali pa mzere umodzi wa lintala, ndi ngati kazenera ka kubafa kadakali kakang'ono, m'mwamba. Likalakwika limodzi, musapangenso chithunzi chonse, chifukwa mudzakonza ili nkuononga lina. Pakani malo olakwikawo okha mu `Inpaint`, sankhani `Only masked`, ControlNet ili yoyatsa, kenako yezaninso. Kwa mmisiri kupite pulani yokhala ndi miyezo, ndipo pachithunzi palembedwe kuti mafelemu asagulidwe potengera chimenechi.